Alamu ikalira 2 koloko usiku

“Tiyerekeze kuti ndi 2 koloko usiku ndipo foni yanu yalira. Makasitomala akulephera kulipira pa webusaiti yathu. Mupanga chiyani?”

Funso lotere silisowa pa intavyu ya SRE, ntchito ya mainjiniya oonetsetsa kuti maseva a kampani akuyenda usana ndi usiku. Dzina la ntchitoyi linachokera ku Google, kumene Ben Treynor Sloss anayamba kutsogolera gulu lotere mu 2003. Ofunsawo sayembekezera kuti munthu alosere chimene chafa. Amatchera khutu kuti amve chimene ayambire.

Apa ndi pamene anthu odziwa bwino makompyuta amapunthwa. Amathamangira kufufuza gwero la vuto, kuiwala kuti makasitomala akadali panja. Woyankha bwino amayamba ndi kuyeza kukula kwa ngoziyo: akulephera ndi onse kapena a dera limodzi? Uthenga wa 500, umene seva imabweza ikalephera, wayamba kuchuluka nthawi yanji? Nanga chinasinthidwa n’chiyani nthawi imeneyo? Kenako amadzutsa anzake n’kugawana ntchito. Mmodzi amatsogolera osagwira kiyibodi, wina amakonza, wina amauza makasitomala ndi mabwana zimene zikuchitika.

Ngati pulogalamu yatsopano inalowetsedwa mphindi zochepa vuto lisanayambe, amaibweza kaye, chifukwa chake adzachifufuza kukacha. Pa Kubernetes lamulo lake lingakhale ili:

```
kubectl rollout undo deployment/checkout
```

Changu chimenechi chili ndi masamu ake. Kampani imene inalonjeza kuti webusaiti izigwira ntchito 99.9 peresenti ya nthawi ili ndi mphindi pafupifupi 43 zokha pa mwezi zoti ingakhale yozima. Ola limodzi lofufuza limadya zonsezo.

Wofunsa wochenjera samalekera pomwepo. “Mwabweza, koma palibe chasintha,” amatero. Akufuna aone ngati munthuyo akudziwa kuti kubweza kuli ndi malire. Sikuthandiza ngati disiki yadzaza, ngati setifiketi ya webusaiti yatha nthawi, kapena ngati deta yafufutidwa.

Ndiye pamabwera gawo lachiwiri, lipoti lolembedwa moto utazima. Amalitcha positimotemu, mawu obwerekedwa kwa madokotala opima mtembo. Limafotokoza zimene zinachitika mphindi ndi mphindi, anthu amene anakhudzidwa, zoyambitsa, ndi zoti zikonzedwe. Chitsanzo chimene wokonzekera intavyu angapindule nacho ndi cha GitLab, kampani yosungira mapulogalamu a anthu ena.

Pa 31 Januwale 2017, detabesi yachiwiri ya GitLab inasiya kukopera zimene zinali pa yaikulu. Injiniya wina, atagwira ntchito mpaka usiku, anaganiza zofufuta zonse pa yachiwiriyo kuti kukopera kuyambirenso. Lamulo lofufutalo analilemba pa seva yaikulu. Anazindikira patangopita masekondi, koma magigabaiti pafupifupi 300 anali atapita.

Munthu wosazolowera angalembe kuti injiniya analakwitsa, nkhani n’kuthera pomwepo. Pa intavyu yankho limenelo ndi dzenje. Lipoti labwino silisaka woti amuloze chala, chifukwa anthu akamaopa chilango amabisa zimene anachita, ndipo msampha umatsala wotchera kudikira wina. Funso loyenera ndi lakuti zinatheka bwanji kuti lamulo limodzi la munthu wotopa lizimitse webusaiti kwa maola pafupifupi 18.

GitLab itafunsa motero inapeza zochititsa manyazi kuposa kulakwitsa kwa chalacho. Njira zake zosungira makope a deta sizinkagwira ntchito monga ankaganizira. Pulogalamu ya `pg_dump`, imene inkayenera kukopera detabesi, inali ya PostgreSQL 9.2 pomwe detabesiyo inali ya 9.6, choncho inkangolephera. Maimelo ochenjeza za kulepherako ankakanidwa panjira, moti palibe amene ankawaona. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene injiniya anatenga maola 6 ngoziyo isanachitike, pofuna kuyeserapo zinthu zina. Zonse zimene makasitomala analowetsa mu detabesi m’maola 6 amenewo zinatayika, kuphatikizapo mapulojekiti pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700. Kulimba mtima kwake, ntchito yobwezeretsayo anaionetsa pa YouTube anthu akuonerera.

Wofunsa amamvetsera kwambiri gawo lomaliza la lipoti. Mawu akuti “tidzasamala” sawerengedwa, chifukwa palibe angatsimikize kuti achitika. Chofunika ndi ntchito yooneka, yokhala ndi mwini wake ndi tsiku lomalizira. Lipoti la GitLab, limene linatuluka pa 10 Febuluwale, linatchula zoterozo: kuyang’anira makope ndi Prometheus, kuyesa kawirikawiri ngati makopewo akubwezeretseka, kusankha munthu mmodzi woyankha za chitetezo cha deta, ndi kusintha maonekedwe a mzere wolembapo malamulo kuti injiniya azitha kuona msanga seva imene walowamo.