Kalata yodandaula pulogalamu ikamalakwitsa msonkho

Pulogalamu yogulitsira katundu ikayamba kuwerengera VAT molakwika, mwini sitolo amalembera imelo kampani imene inamugulitsa pulogalamuyo. Amene akawerenge kalatayo ali kutali, sakuona kauntala ndipo sakugwira lisiti. Iye amakonza vuto lokhalo limene angathe kulionanso ndi maso pa kompyuta yake. N'chifukwa chake kalata yongoti “msonkho sukutuluka bwino, tithandizeni msanga” imabwerera ndi mafunso, masiku n'kumapita malisiti olakwika akutulukabe.

Chitsanzo chabwino ndi cha mtengo umene msonkho uli kale m'kati mwake. Pa mlingo wa 16.5%, umene VAT ya ku Malawi inali nawo kwa zaka zambiri, katundu wa K10,000 amalipiridwa msonkho wa K1,650, ndipo pa shelefu amalembedwa K11,650. Kuti msonkhowo upezeke kuchokera pa mtengo wa pa shelefu, masamu ake ndi awa:

```
11650 × 16.5 ÷ 116.5 = 1650.00
11650 × 16.5 ÷ 100   = 1922.25
```

Mzere woyamba ndiye wolondola. Wachiwiri ndi wa pulogalamu imene yaiwala kuti msonkho uli kale m'kati, n'kudulanso 16.5% pa ndalama yonse. Kasitomala amalipirabe K11,650, choncho pa kauntala palibe amene amadandaula. Koma lisiti limaonetsa msonkho wopitirira ndi K272.25, ndipo katunduyo akagulitsidwa ka 100, mabuku amanena kuti sitolo iyenera kupereka ku MRA ndalama yoonjezera yokwana K27,225.

Asanalembe kalata, wodandaula amayamba watsimikiza kuti vuto si la m'sitolo momwemo. Amatsegula `Settings` n'kuona ngati mlingo wa msonkho unalembedwa bwino, komanso ngati katunduyo anaikidwadi pa `Tax inclusive`. Amaonanso kukula kwa kusiyanako. Kukakhala kwa tambala imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri kumachokera pa kadulidwe ka manambala a kumapeto, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Kusiyana kwa K272.25 pa katundu mmodzi sikungachokere kumeneko.

Mutu wa imelo umanena vutolo mwachindunji: VAT ikuchuluka pa katundu wa `Tax inclusive`, ikutuluka 1,922.25 m'malo mwa 1,650.00. Kenako pamabwera dzina la pulogalamu, nambala ya mtundu wake monga ikuonekera pa `About`, makina amene ikugwirapo, ndi tsiku limene vuto linayamba. Ngati linayamba pulogalamu itangosinthidwa kupita ku mtundu watsopano, zimenezo zilembedwe, chifukwa wokonza amapita kukayang'ana zimene anasintha pa nthawiyo.

Mtima wa kalata uli pa masitepe, ndipo apa m'pamene ambiri amafupikitsa. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu tsiku ndi tsiku amadumpha zinthu zimene manja ake anazolowera, pomwe vuto likhoza kubisala pa sitepe yodumphidwayo. Masitepe abwino amayambira pa katundu watsopano woyesera, kuti zakale zisasokoneze. Wolemba amati: “Lowetsani katundu watsopano pa mtengo wa 11,650. Sankhani VAT ya 16.5% ndipo muchonge `Tax inclusive`. Gulitsani mmodzi yekha popanda kuchotsera mtengo. Sindikizani lisiti, muone mzere wa VAT.” Pansi pake amalemba zinthu ziwiri mosiyanitsa: zimene zimayenera kutuluka, 1,650.00, pamodzi ndi masamu ake, ndi zimene zatuluka, 1,922.25. Amanenanso ngati vutolo likuchitika nthawi iliyonse kapena mwa apo ndi apo.

Chinthu chimene chimapepuza kwambiri ntchito ya wokonza ndicho kunena pamene pulogalamu ikuchita bwino. Wolemba amayesa katundu yemweyo pa 10,000 osachonga `Tax inclusive`. Msonkho ukatuluka 1,650.00, zimadziwika kuti mlingo uli bwino, ndipo vuto lili pa kachotsedwe ka msonkho mu mtengo wophatikiza. Mzere umodzi umenewu umachepetsa malo ofufuza.

Ku imeloyo amamatako chithunzi cha lisiti ndi cha tsamba la `Settings`, atabisa mayina a makasitomala ndi manambala awo a msonkho. Mawu achinsinsi olowera mu pulogalamu satumizidwa pa imelo. Ngati pali vuto lina, monga la makina osindikiza, limalembedwa m'kalata yakeyake, chifukwa madandaulo awiri m'kalata imodzi amachititsa kuti limodzi liiwalike.

Kumapeto wolemba amanena kuchuluka kwa malisiti amene akhudzidwa ndi tsiku limene sitolo iyenera kupereka lipoti la VAT la mweziwo. Amafunsanso ngati kukonzako kudzawongola malisiti akale kapena atsopano okha, popeza akalewo akasiyidwa, wowerengera ndalama ayenera kuwakonza pa manja lipoti lisanapite.