Atachimenti ikakhala yopanda ntchito: kalata yopempha kusintha malo

Chaka ndi chaka ophunzira a ku MUBAS, LUANAR, MUST ndi Mzuni amasiya kalasi kwa masabata angapo kukaphunzira ntchito m'makampani ndi m'maofesi a boma. Eni ake amangoti, "Ndili pa atachimenti." Ena amagwa pabwino. Ena amafika pamalo poti anthu ake ndi aulemu, mpando apatsidwa, tiyi wa m'mawa amwa, koma ntchito yogwirizana ndi zimene amaphunzira palibe. Tsiku limatha akujambula mapepala pa fotokope, akutumidwa ku banki, kapena akungoyang'ana foni.

Wophunzira wotere ali ndi mwayi wopempha kuti amusinthe malo, ndipo pempholo limapita kwa mphunzitsi amene amayang'anira za atachimenti m'dipatimenti yake, amene ophunzira amamutcha kodineta. Koma makalata ambiri otere amakanidwa, osati chifukwa vuto kulibe, koma chifukwa wolembayo walemba kukhumudwa kwake m'malo molemba umboni. "Palibe chimene ndikuphunzira kuno" ndi dandaulo chabe. Kodineta sangayimbire kampani foni n'kuchotsako munthu pa mawu amenewo.

Tiyerekeze za mtsikana wina amene akuphunzira uinjiniya wa zomangamanga. Yunivesite yamutumiza ku kampani ina yomanga kwa masabata 16. Atafika wapeza kuti ntchito imene kampaniyo inali nayo, yomanga nyumba ya zipinda zophunziriramo, inaima chifukwa eni ntchito sanalipire gawo limene latha. Amisiri anauzidwa kuti ayambe apuma. Injiniya yekhayo amene kampaniyo ili naye amabwera mwa apo ndi apo. Mtsikanayu wakhala mu ofesi masabata 3, ndipo chachikulu chimene wachita ndi kusanja mapepala a tenda m'mafayilo.

Asanagwire cholembera, ayenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene poziona zimafanana. Pali kampani imene ntchito ili nayo koma sinayambe kumukhulupirira mlendo. Sabata yoyamba, ngakhale yachiwiri, yongotumidwa si yachilendo. Palibe amene amapatsa munthu wobwera dzulo makina oyezera levulo kuti akaike yekha zikhomo za maziko. Apa mankhwala ake ndi kudekha ndi kupempha ntchito. Ndiye pali kampani imene ilibiretu ntchitoyo, kapena ilibe munthu wodziwa woti amuphunzitse. Apa kudikira sikuthandiza, ngakhale anthuwo atamukonda bwanji.

Njira yodziwira ndi kufunsa supavaiza wa pa kampanipo, mwaulemu, atanyamula pepala la ku dipatimenti lonena zimene ayenera kuphunzira. Afunse ngati ntchito ya pa saiti iyambiranso, ndipo liti. Afunsenso ngati kampaniyo ili ndi saiti ina, kapena ngati ingamubwereketse kwa anzawo amene akumanga. Yankho likakhala ndi tsiku, monga "Lolemba likubwerali tithira maziko", akhale. Likakhala lakuti "tiona boma likatilipira" kapena "ingopirirani, achemwali", ndiye kuti nthawi yolemba yakwana. Tsiku limene anakambiranalo alilembe penapake, chifukwa funso loyamba la kodineta lidzakhala lakuti, "Kodi munayankhula nawo?"

Umboni waukulu uli m'logibuku, buku lija limene wophunzira amalembamo zimene wachita tsiku ndi tsiku, supavaiza n'kusayina. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Poopa kuti buku lioneka lopanda kanthu, amalemba kuti "ndinayendera saiti" pamene anangodutsa pa geti, kapena amakopera za mnzawo amene ali kwina. Tsiku lopempha kusintha likafika, buku lawo lomwe limawatsutsa, poti likusonyeza kuti zonse zikuyenda bwino. Komanso mphunzitsi akabwera kudzayendera ophunzira, amafunsa mafunso kuchokera m'buku lomwelo. Ngati walemba kuti unayeza konkire, adzakufunsa kuti unapeza mamilimita angati. Tsamba lolembedwa zoona kuti "kusanja mafayilo, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko" silisangalatsa, koma ndi limene limamasula munthu.

Tsono chifukwa chiyani alembe msanga, m'sabata yachitatu kapena yachinayi, osati yakhumi? Yankho lili mu ntchito yakeyo. Pa saiti akathira konkire amatengako pang'ono n'kuumba timabokosi ta mamilimita 150 mbali zonse. Timabokosito amativiika m'madzi, ndipo tina amatiphwanya pa makina patatha masiku 7, tina patatha masiku 28, kuti aone ngati kulimba kwake kwafika pa mlingo umene injiniya analamula. Kuti wophunzira aone zimenezi kamodzi kokha, kuyambira pothira mpaka pa zotsatira, pafunika masabata 4 athunthu. Onjezanipo masabata 2 oti pempho liyende ndi malo atsopano apezeke, ndi sabata ina yozolowera anthu. Akalemba m'sabata yachinayi, adzayamba ntchito yeniyeni atatsala ndi masabata 9. Akalemba m'sabata yakhumi, adzatsala ndi 3, osakwanira n'komwe kuona timabokosi take tikuphwanyidwa pa tsiku la 28. Kodineta amawerengera chimodzimodzi, ndipo pempho lochedwa amaliyankha kuti, "Ingomalizani konko."

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, poti ndicho chiyankhulo cha m'mayunivesite athu, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba pakhale dzina, nambala ya wophunzira, pulogalamu ndi chaka chimene ali, nambala ya foni ndi deti. Ngati mwambo wa dipatimentiyo ndi wakuti makalata azidzera kwa mkulu wa dipatimenti, autsatire. Mutu wake unene nkhani yonse m'mzere umodzi. Thunthu la kalata ya mtsikana uja, titaliika m'Chichewa, lingamveke motere:

"Ndikupempha kuti mundilole kusintha malo a atachimenti. Ndinayamba pa kampani imene munanditumiza masabata 3 apitawo, ndipo atachimenti yanga ndi ya masabata 16.

"Malinga ndi ndondomeko ya dipatimenti, ndiyenera kuphunzira kuika zikhomo za maziko, kuyeza levulo, kuona kamangidwe ka zitsulo ndi kuyeza konkire. Ntchito yomanga imene kampaniyi inali nayo inaima ndisanafike, ndipo ilibe saiti ina. Pa masabata 3 amenewa ndakhala ndikusanja mapepala a tenda ndi kujambula makalata, monga mmene masamba a logibuku amene ndaphatikiza akusonyezera.

"Lachiwiri lapitali ndinakambirana ndi supavaiza wanga. Anandiuza kuti sakudziwa tsiku limene ntchito idzayambirenso, ndipo alibe vuto kuti ndikapitirize kwina. Kampaniyi yandilandira bwino; vuto ndi lakuti pakadali pano ilibe ntchito ya mtundu umenewu.

"Ndayankhula ndi kampani ina imene ikumanga mlatho waung'ono ndipo ili ndi injiniya pa saiti tsiku lililonse. Yavomera kundilandira ngati yunivesite ingalembe kalata. Ngati muli ndi malo ena amene mukuona kuti ndi oyenera, ndidzapita kumeneko. Ndikupemphanso mundiuze ngati masabata amene ndagwira kale awerengedwa. Ndipitiriza kupita kuntchito mpaka nditamva kwa inu."

Taonani mmene ndime yachiwiri yayalira zinthu: mbali iyi zimene dipatimenti inalamula, mbali iyo zimene zikuchitika. Wolembayo sanafune kuti kodineta amumvere chisoni. Wangomuonetsa kuti zimene dipatimenti yakeyo ikufuna sizingatheke pamalopo, ndiponso kuti lipoti lomaliza, limene limapatsidwa malikisi, lidzasowa cholembamo.

Chiganizo chakuti "kampaniyi yandilandira bwino" sichinalembedwe pongofuna ulemu. Malo a atachimenti ndi osowa, ndipo kodineta amawapeza pochonderera makampani chaka ndi chaka. Chaka chamawa adzafuna kutumizanso ana ena ku kampani yomweyo ntchito ikadzayambiranso. Kalata yonena kuti abwana ndi aulesi, kapena kuti kampaniyo ndi yachinyengo, imamuika pamalo ovuta: akaivomera ndiye ngati wagwirizana ndi zonyozazo. Komanso makalata amayenda. Kodineta angathe kuitumiza kwa supavaiza kuti ayankhepo, ndipo m'ntchito ya uinjiniya kwathu kuno anthu ake ndi ochepa, amadziwana. Lembani chimene mungathe kuwerenga mokweza supavaizayo ali pomwepo.

Nkhani ya ndalama isalowemo. N'zoona kuti kukwera minibasi tsiku ndi tsiku kupita kokakhala chabe kumawawa, makamaka ngati kampani sikupereka kangachepe. Koma mukangotchula alawansi, wowerenga amaganiza kuti mwamva kuti kwina akulipira, ndipo za konkirezo ndi chophimbira. Ngati vuto la thiransipoti lilipodi, likhale ndi kalata yakeyake.

Malo atsopano nawonso amafuna kufufuzidwa, kuopa kuchoka pa ofesi yopanda ntchito n'kukagwera pa ina. Mawu a pakamwa a msuweni amene amagwira kumeneko si okwanira. Pakhale dzina ndi udindo wa munthu amene adzakuyang'anireni, ntchito imene ikuchitika panopa, ndi kalata kapena imelo yovomera. Ngati simunapeze malo, lembanibe, koma nenani mtundu wa malo amene mukufuna kuti kodineta adziwe kofunsa.

Chiganizo chomaliza cha kalata ija ndicho chimene ambiri amachiphwanya. Akangotumiza pempho, mawa lake sapitanso kuntchito, ena mpaka amakayamba okha kumalo atsopano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo amene yunivesite sinavomereze angathe osawerengedwa, mphunzitsi woyendera adzapita kumene mayina akusonyeza n'kukupezani kulibe, ndipo supavaiza wakale adzalemba kuti munathawa. Nkhani imasintha pamenepo: sikhalanso ya kampani yopanda ntchito, imakhala ya wophunzira wojomba.

Zonsezi zikunena za malo osowa ntchito yoyenera basi. Ngati wina akukuvutitsani pofuna chibwenzi, kapena akukukwezani pamwamba pa nyumba popanda chipewa ndi nsapato zodzitetezera, musadikire sabata yachitatu kapena kukambirana ndi supavaiza. Imbani foni ku dipatimenti tsiku lomwelo, kalata idzatsatira.

Potumiza, imelo ndi yabwino chifukwa imasunga deti, koma musadalire iyo yokha. Sindikizani makope awiri, ina isiyeni kwa sekilitale wa dipatimenti, inayo akudindireni n'kukubwezerani. Pakadutsa masiku atatu ogwira ntchito osamva kanthu, imbani foni kapena pitani nokha, logibuku lili m'manja. Yankho likakhala lovomera, musachoke pa kampani yakaleyo supavaiza asanasayine masamba onse a masabata amene munakhalapo, chifukwa mukapita kwina kumupezanso kumavuta.