Mphepo imene imatembenuka kawiri pachaka

Pa 26 Julayi 2005, chipangizo choyezera mvula cha ku Santacruz mumzinda wa Mumbai, ku India, chinalandira mamilimita 944 m'maola 24 okha. Mvula imeneyi ndi yoposa imene Lilongwe amalandira chaka chonse m'zaka zambiri. Sitima zinaima, misewu inasanduka mitsinje, ndipo anthu mazanamazana anafa. Koma mutapita mumzinda womwewo mu Januwale kapena Febuluwale, mungathe kukhala mwezi wathunthu osaona ngakhale dontho. Nyanja ndi yomweyo, mapiri ndi omwewo. Chimene chimasintha ndi kumene mphepo ikuchokera.

Mphepo imeneyi imatchedwa monsuni, dzina lochokera ku mawu a Chiluya otanthauza nyengo. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala imawomba kuchokera kum'mwera chakumadzulo, kunyanja, itasenza chinyezi. Ikafika miyezi yozizira ya kumeneko imabwerera m'mbuyo, n'kumachokera kumpoto chakum'mawa, kumtunda, ili youma. Pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a mvula yonse ya dziko la India imagwa m'miyezi inayi yoyambayo.

Amene anakhalako kunyanja, kaya ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay, anaonapo kale kachitsanzo ka zimenezi. Masana a mu Okutobala mchenga umawotcha moti mwana wopanda nsapato amathamangira m'madzi, koma madziwo amakhala ozizirira bwino. Mpweya wa pamwamba pa mchenga ukatentha umapepuka n'kukwera, ndipo wozizirirapo wa panyanja umabwera kudzalowa m'malo mwake. Ndiko kamphepo kayaziyazi kamene kamakufika kumaso ukayang'ana kunyanja masana. Usiku mchenga umazizira msanga pamene madzi amasungabe kutentha, ndiye kamphepoko kamatembenuka, kuchokera kumtunda kulowera kunyanja. Nthaka imatentha msanga n'kuzizira msanga. Madzi amachedwa pa zonse ziwiri, chifukwa amafuna kutentha kochuluka kuti afunde, komanso amasakanikirana, kutenthako n'kumalowa pansi m'malo mongokhala pamwamba.

Tsopano m'malo mwa mchenga wa pagombe ikanipo dera lonse la India ndi Pakistan, m'malo mwa usana ndi usiku muikepo chilimwe ndi chisanu. Umu ndi mmene Edmond Halley wa ku England anafotokozera monsuni mu 1686. Mu Meyi, dzuwa litakwera pamutu kumpoto kwa ikweta, zigwa za kumpoto kwa India zimatentha kupitirira madigiri 45. Mpweya umakwera, pansi pamatsala dera la mpweya wopepuka, ndipo dera limeneli limakoka mpweya wochokera kutali.

Kutaliko ndi kufupi ndi kwathu. Kum'mwera kwa nyanja ya India, kupitirira Madagascar, m'miyezi imeneyi kumakhala dera la mpweya wolemera, chifukwa kumakhala kuli nyengo yozizira. Kuchokera kumeneko mphepo imawomba kulowera kumpoto chakumadzulo. Ina imafika kwathu: ndiyo Mwera amene amavundula nyanja ya Malawi kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda. Ina imapitirira m'mphepete mwa Tanzania ndi Kenya, n'kuwoloka ikweta.

Apa mpamene pali chinsinsi cha kukhotako. Dziko likuzungulira, ndipo kuzungulirako kumapatutsa mphepo iliyonse yoyenda ulendo wautali. Kum'mwera kwa ikweta imapatukira kumanzere, kumpoto kwa ikweta imapatukira kumanja. Mphepo imene imalowera kumpoto chakumadzulo ikangowoloka ikweta imayamba kukhotera kumanja, mpaka itayang'ana kumpoto chakum'mawa, kumene kuli India. Mapiri a ku Kenya ndi Ethiopia amaitsekera njira ya kumadzulo n'kuipanikiza, ngati madzi olowa mu ngalande yopapatiza. Cha pagombe la Somalia, pamtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka kuchokera pansi, imathamanga kwambiri moti akatswiri anaipatsa dzina lakelake, mtsinje wa mphepo wa ku Somalia. Ulendo wonsewu imadutsa pamwamba pa madzi ofunda, ikumwa nthunzi.

Imafikira kuchigawo cha Kerala, kunsonga ya kum'mwera kwa India, ndipo tsiku limene amaiyembekezera ndi 1 Juni. Nthambi yoona zanyengo ya dzikolo, imene inakhazikitsidwa mu 1875, silengeza kuti monsuni yafika pongoona mvula yagwa. Nawonso ali ndi mvula ya mabingu yobwera nyengo isanakwane, yofanana ndi chizimalupsa chathu, imene imapusitsa mlimi wopupuluma. Amayang'ana malo 14 oyezera mvula: ngati malo 60 pa 100 alionse mwa amenewa alandira mamilimita 2.5 kapena kuposerapo masiku awiri otsatizana, chimenecho ndi chizindikiro choyamba. Kenako amaona ngati mphepo ya kumadzulo yakhazikika kuyambira pansi mpaka makilomita anayi m'mwamba, komanso ngati zithunzi za setilaiti zikuonetsa mitambo yochindikala panyanja. Zitatuzi zikagwirizana, alengeza. Ikatero mvula imakwera kumpoto pang'onopang'ono: Mumbai cha pa 11 Juni, Delhi kumapeto kwa Juni, dziko lonse sabata yachiwiri ya Julayi isanathe.

Pali funso limene limasonyeza kuti malongosoledwe a Halley, ngakhale ndi oona, ndi osakwanira. Mvula ikayamba, nthaka imazizira. Delhi wa mu Julayi sawotcha ngati wa mu Meyi. Nanga bwanji mphepo imakula mphamvu m'malo mofooka? Yankho lili m'mitambo. Kuti madzi asanduke nthunzi amatenga kutentha, monga thukuta limaziziritsira thupi likamauma. Nthunziyo ikakwera n'kusandukanso madontho, kutentha kuja imakubweza, koma tsopano m'mwamba, pakati pa mtambo. Mpweya wa pamenepo umafunda, umakwera kwambiri, ndipo pansi pamakokedwanso mpweya wina wachinyezi wochokera kunyanja. Dzuwa limangoyatsa moto, nkhuni zake ndi mvula yomweyo. Mapiri a Himalaya nawo amathandiza: amatchinga mpweya wouma wa pakati pa Asia kuti usalowe kudzasakanikirana ndi wachinyeziwo. Kwa ine ili ndiye gawo lokoma kwambiri pa nkhani yonseyi, kuti madzi amene anatenthedwa ndi dzuwa kufupi ndi Madagascar amakatulutsa kutentha kwawo pamwamba pa munda wa mpunga ku Bengal.

Mvula imeneyi sigwa mofanana. Kumbuyo kwa gombe la kumadzulo kwa India kuli mndandanda wa mapiri otchedwa Western Ghats, wotsata nyanja kuchokera kumpoto kupita kum'mwera. Mphepo ikachoka panyanja imagunda mapiriwa chopingasa. Mumbai, amene ali pagombe, amalandira mamilimita oposa 2,000 pachaka. Mpweya ukamakwera phiri umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa kilomita iliyonse, ndipo mpweya wozizira sungasunge nthunzi yambiri, ndiye umakhuthula. Tauni ya Mahabaleshwar, imene ili pamwamba pa mapiriwo, imalandira mamilimita oposa 5,000. Mpweyawo ukatsetsereka tsidya linalo umakhala utafinyidwa kale, komanso umafunda pamene ukutsika, mitambo n'kumwazika. Mzinda wa Pune, makilomita pafupifupi 150 pamsewu kuchokera ku Mumbai, umangolandira cha m'ma 700. Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe sangadabwe nazo: mbali ya phiri yoyang'ana kumene Chiperoni amachokera ndi ya tiyi, mbali inayo ndi youma. Kumpoto chakum'mawa kwa India, kumene mapiri a Khasi amayang'anizana ndi mphepo yochokera kunyanja ya Bengal, mudzi wa Mawsynram umapyola mamilimita 11,000 pachaka.

Pakati pa Sepitembala monsuni imayamba kuchoka, kuyambira kuchipululu cha Rajasthan. Dzuwa latsetserekera kum'mwera, nthaka ya Asia ikuzizira msanga kuposa nyanja, ndipo mpweya wolemera tsopano uli kumtunda. Mphepo imatembenuka. Kwa ambiri ndiye kuti nyengo youma yafika, kupatula chigawo cha Tamil Nadu ndi mzinda wa Chennai, kumene mphepo yobwererayo imafika itadutsa panyanja ya Bengal n'kugwetsa mvula yawo yaikulu kuyambira Okutobala mpaka Disembala.

Lamba wa mitambo amene anali pa India amatsata dzuwa, kuwoloka ikweta, n'kufika kwathu cha mu Novembala ndi Disembala. Mwera amaleka, Mpoto amalowa, ndipo pamene mphepo ya kumpoto chakum'mawa, ya kum'mwera chakum'mawa ndi mpweya wachinyezi wochokera ku Congo zikumana, dzinja lathu limayamba. Kumpoto kwa Australia nako imakhala nthawi ya mvula, pamene kumadzulo kwa Africa, monga ku Mali ndi Nigeria, dzinja lawo limayendera limodzi ndi la India. Kutembenuka komweku ndiko kunkayendetsa ngalawa za matanga kwa zaka mazanamazana. Aswahili amati kaskazi, mphepo yobweretsa ngalawa kuchokera ku Arabia ndi India kufika ku Zanzibar, ndi kusi, yozibwezera kwawo. M'zaka za m'ma 1800 minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ankafika kugombe n'kudikira mphepo ya kusi.

Choopsa kwa mlimi wa ku India si kuchedwa kwa mvula kokha, komanso kudukiza kwake. Nthawi zina lamba wa mvula amasunthira m'tsinde mwa Himalaya, pakati pa dziko n'kuchita ng'amba kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, mbewu zitamera kale. Mu Julayi 2002 mvula inagwa pafupifupi theka la imene imagwa mwezi umenewo, ndipo nyengo yonse inaperewera ndi 19 pa 100. Kumeneko mvula ya dziko lonse m'miyezi inayi ija imakhala pafupifupi masentimita 87, ndipo ikatsika ndi kupitirira 10 pa 100 amati yaperewera. Gilbert Walker, amene anayamba kutsogolera nthambi ya zanyengo ya India mu 1904, chilala cha 1899 chitangopha anthu ochuluka, anafufuza chiyambi cha zaka zoipazi ndipo anapeza kuti kulemera kwa mpweya panyanja ya Pacific ndi panyanja ya India kumasinthana, uku kukakwera uko kutsika. Lero tikudziwa kuti zimenezi zimayendera limodzi ndi El Nino. Koma El Nino sagamula yekha: wa 1997 anali wamphamvu kwambiri, monsuni n'kugwa bwinobwino.

Alimi a nandolo a ku Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anazionera m'thumba mwawo. India ndiye amagula nandolo wambiri wa kuno. Monsuni ya 2014 ndi ya 2015 zinaperewera motsatizana, nandolo wa amwenye anachepa, ndipo mavenda kuno ankalimbirana mbewuyi pamtengo umene alimi anali asanauonepo. Ambiri anakuza minda. Mu 2016 monsuni inagwa bwino, India anakolola nandolo wochuluka zedi, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lake linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Kuno mtengo unagwa, matumba n'kungounjikana m'nyumba akufumbwa ndi anankafumbwe.