Dzulo munali anzawo, lero ndinu bwana wawo: mabuku othandiza kupewa kukondera

Bwana wochokera kwina amayamba ntchito anthu asakumudziwa. Koma amene wakwezedwa pakati pa anzake alibe mwayi umenewo. Anthu amene akuwayang'anira akudziwa kuti nayenso ankachedwa Lolemba, akukumbukira zimene ankanena za bwana wakale pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo akudziwa bwino amene amagwirizana naye kwambiri. Choncho chilichonse chimene angagamule, kaya ndi shifiti, tchuthi kapena ovataimu, anthu amachiyeza ndi funso limodzi: kodi wakondera?

Pofuna kuthawa funso limeneli, ena amafewa kwambiri kuti asamanenedwe kuti udindo wawalowa m'mutu. Ena amaumitsa dzanja pa anzawo apamtima kuti aonetse kuti sakondera. Njira zonsezi n'zokondera ndithu. Mabuku anayi amene tikambe pano, ngakhale analembedwa ndi anthu osiyana pa zaka zosiyana, amakumana pa mfundo imodzi: chilungamo cha woyang'anira sichioneka pa kukoma mtima kapena kuuma mtima kwake, koma pa njira yodziwika imene amatsata pogamula nkhani, ndipo njirayo ikhale yomweyo kwa aliyense.

Kudziwa chimene chasintha

Buku loyambira ndi Becoming a Manager la Linda Hill, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, lomwe linatuluka mu 1992. Hill anatsatira mamanijala atsopano 19 m'chaka chawo choyamba paudindo. Anali anthu amene anakwezedwa chifukwa ankachita bwino pantchito yawo yakale, ndipo ankayembekezera kuti udindo uwapatsa mphamvu ndi ufulu. Anapeza zosiyana. Tsopano ankayankha mlandu pa ntchito yogwiridwa ndi manja a anthu ena, ndipo dzina la udindo palokha silinkachititsa munthu kugwira ntchito ndi mtima wonse.

Mfundo ya Hill yofunika kwambiri kwa munthu wokwezedwa pakati pa anzake ndi yakuti mamanijala atsopano amakonda kusamala ubale wawo ndi munthu mmodzimmodzi n'kuiwala gulu. Mnzanu akakunong'onezani kuti mumulole kuweruka msanga Lachisanu lililonse, zimaoneka ngati nkhani ya anthu awiri. Koma ntchito imene waisiya imagwera wina, ndipo pofika Lolemba onse amakhala atadziwa. Pempho lililonse lobwera mseri liyenera kuyankhidwa ngati kuti lafunsidwa pamaso pa onse, chifukwa kumeneko n'kumene lidzathere. Bukuli ndi lalitali ndipo silipereka malamulo oti muwatsate mawa lomwe. Phindu lake n'lakuti limakuthandizani kuona kuti kusokonezeka kwa miyezi yoyamba kumachokera ku udindowo.

Njira yogamulira nkhani

Pa nkhani ya chilungamo chenichenicho, thandizo lalikulu lili m'buku limene ambiri saliganizira, Blue Ocean Strategy la W. Chan Kim ndi Renée Mauborgne a sukulu ya zamalonda ya INSEAD, lomwe linatuluka mu 2005. Mbali yaikulu ya bukuli imakamba za misika, koma muli chaputala chimodzi chonena za njira yachilungamo yopangira zigamulo, mfundo imene awiriwa anali atailemba kale m'magazini ya Harvard Business Review mu 1997. Iwo amati anthu amalandira ngakhale chigamulo chowapweteka ngati zinthu zitatu zachitika: afunsidwa maganizo chigamulo chisanapangidwe, auzidwa chifukwa chake, ndipo adziwa bwino lamulo limene ligwire ntchito kuyambira pamenepo.

Tiyerekeze sitolo yaikulu ya antchito 9, kumene mayi wina wangokwezedwa kumene kukhala woyang'anira. Pa nyengo ya Khirisimasi malonda amachuluka, moti anthu awiri okha ndi amene angapite kutchuthi. Opempha alipo asanu, ndipo mmodzi wa iwo ndi mnzake wa mayiyo, amene anali mboni pa ukwati wake.

Mayiyo akasankha yekha muofesi n'kupachika mayina pakhoma, walakwa kale ngakhale atasankha bwino. Dzina la mnzakeyo likakhalapo, anthu ati wakondera. Likapanda kukhalapo, mnzakeyo aona kuti walangidwa chifukwa cha chinzake. Njira ina ndi iyi. Asanayang'ane n'komwe mayina, aitane onse 9 n'kuwauza kuti malo ndi awiri, opempha ndi asanu, ndipo akufuna kumva maganizo awo pa muyezo wosankhira. Wina anganene kuti atsogole amene anayamba kupempha, wina kuti atsogole amene wakhalitsa pantchito, wina kuti atsogole amene anagwira Khirisimasi ya chaka chatha. Atamva zonsezo, mayiyo asankhe yekha muyezo, tinene wa amene anagwira chaka chatha, n'kufotokoza chifukwa: muyezo umenewu umazungulira, moti palibe amene adzapite kutchuthi zaka ziwiri zotsatizana ena akudikira, pomwe muyezo wa kukhalitsa pantchito ungamapatse anthu omwewo chaka n'chaka. Kenako atsegule ndandanda ya chaka chatha onse akuona, ndipo mayina atuluke mmenemo. Pomaliza alembe lamulolo, anenenso tsiku lotsekera mapempho a chaka chamawa.

Dziwani kuti uku si kuvota. Kim ndi Mauborgne amanenetsa kuti kufunsa anthu sikutanthauza kutsata zofuna za ambiri. Wogamula ndi woyang'anira yemweyo. Njirayi imalephera pamene bwana wafunsa anthu atasankha kale, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta kuona: pamsonkhano wotsatira palibe amene amayankhula.

Kudzudzula mnzanu

Ndandanda imathetsa nkhani za tchuthi, koma siingalankhule ndi mnzanu amene wayamba kuchedwa. Apa pamathandiza Radical Candor la Kim Scott, amene anagwirapo ntchito ku Google ndi ku Apple, lomwe linatuluka mu 2017. Scott amati woyang'anira ayenera kuchita zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: kusamala za munthuyo monga munthu, komanso kumuuza zoona mosapita m'mbali. Amachenjeza kuti ambiri amagwa pa chifundo chowononga, chomwe ndi kukhala chete poopa kukhumudwitsa munthu mpaka vutolo litakula. Iye mwini amafotokoza za wantchito wina amene ankamukonda, yemwe sanamuuze kwa miyezi yambiri kuti ntchito yake siili bwino, mpaka anafika pomuchotsa ntchito munthuyo asanapatsidwe mpata wokonza.

Tibwerere kusitolo kuja. Sitolo imatsegulidwa 7:30, koma mnzake wa mayi uja wafika itadutsa 8 koloko katatu m'masabata awiri. Mayiyo amuitanire pambali tsiku lomwelo, osati pagulu, osatinso kudikira mwezi uthe. Atchule masiku atatuwo ndi nthawi imene anafika, anene zotsatira zake, zakuti mnzawo wa pakauntala anatsala yekha ndi mzere wa makasitomala, kenako afunse chimene chikuchitika n'kumvetsera. Mawu ngati akuti "mwayamba ulesi" asatuluke, chifukwa amaweruza khalidwe la munthu ndipo amangobala mkangano, pomwe tsiku ndi nthawi n'zosatsutsika. Ngati chifukwa chake ndi mwana wodwala, angagwirizane zosintha shifiti kwa masabata awiri, koma mwayi umenewo ukhale woti wantchito wina aliyense wa vuto lomwelo angaupeze. Mayiyo alembe m'kope tsiku ndi zimene agwirizana, monga angachitire ndi wina aliyense.

Malangizo a Scott anabadwira m'makampani a ku Amerika kumene wachinyamata amatha kutsutsa wamkulu pamsonkhano. Kwathu kuno woyang'anira wa zaka 30 angakhale ndi bambo wa zaka 55 pansi pake, amenenso anamuphunzitsa ntchitoyo. Ulemu usachoke: malonje ayambe, "bambo" akhalebe "bambo", ndipo nkhani ikambidwe chitseko chili chotseka. Koma uthenga usasungunuke m'malonjemo. Munthuyo potuluka adziwe chimene chalakwika, chimene chikufunika, ndi tsiku limene mudzaonanenso.

Kugawa nthawi yanu

Buku lachinayi ndi High Output Management la Andrew Grove, amene anatsogolera kampani ya Intel, lomwe linatuluka mu 1983. Grove amalimbikitsa kuti woyang'anira azikumana ndi wantchito aliyense payekha nthawi ndi nthawi, ndipo nkhani zokambirana azibweretsa ndi wantchitoyo. Iye ankafuna kuti kukumanako kuzitenga ola lathunthu kapena kuposerapo. Musitolo kapena pamalo omwetsera mafuta ola silingapezeke, koma ngakhale mphindi 20 zokhazikika kwa aliyense zimathetsa vuto lina lobisika. Popanda dongosololi, anzanu akale ndi amene amakupezani mosavuta, panjira yopita kukakwera minibasi kapena pafoni usiku, ndipo mumayamba kumva nkhani za kuntchito kudzera mwa iwo okha.

Grove amaphunzitsanso kuti chilungamo si kuyang'anira anthu onse mofanana. Munthu amene ntchito inayake ndi yachilendo kwa iye amafunika kumuuza mwatsatanetsatane ndi kumuyendera pafupipafupi, pomwe katswiri amangofunika kugwirizana naye za cholinga. Choyezera ndi luso la munthu pa ntchito imeneyo, osati ubale wanu. Pa funso loti bwana angapalane ubwenzi ndi omutsatira, Grove amasiyira munthu aliyense kudziyesa: ganizani kuti mukumuuza mnzanuyo kuti ntchito yake ya chaka chino sinayende bwino. Ngati mukuona kuti simungathe, ubwenziwo usokoneza udindo wanu.

Zimene mabukuwa sakhudza

Olembawa sakamba za ngongole za pakati pa antchito, chipereganyu kapena banki nkhonde ya kuntchito. Komatu n'kovuta kulembera kalata ya chenjezo munthu amene muli naye ngongole. Bwezani ngongole zotere m'mwezi woyamba, ndipo musakongolenso kwa amene mukuwayang'anira. Maliro ndi maukwati nazonso zimawerengedwa: amene anapita kumaliro a kwa wina n'kujomba a kwa mnzake waonetsa kale mbali imene ali.

Mabukuwa si malamulonso. Ku Malawi, lamulo la za ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumuneneza zokhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito. Madandaulo otere amatha kukafika kukhoti loona za maubale a pantchito. Choncho pambali pa mabuku, werengani malamulo a pamalo panu a ntchito, kuti mudziwe amene ali ndi mphamvu yopereka chenjezo ndi masitepe amene ayenera kutsatidwa.

Mabuku onsewa ndi a Chingerezi ndipo si otsika mtengo, choncho palibe chifukwa chogulira onse pakamodzi. Ngati chikukusowetsani tulo ndi kugawa shifiti ndi tchuthi, bwerekani la Kim ndi Mauborgne muwerenge chaputala chimodzi chija. Ngati pali mnzanu amene mwakhala mukuzengereza kumudzudzula, yambani ndi la Scott, ndipo mukambe naye sabata lomwelo. La Grove ndi la Hill angadikire mpaka ndandanda yanu yoyamba itapachikidwa ndipo aliyense akutha kufotokoza mmene inapangidwira.