Mwana Akamatsegula M'mimba, Musaleke Kumudyetsa

Amayi ambiri amaganiza kuti kumana mwana chakudya kumapumitsa m'mimba. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa matumbo amachira msanga akamalandira chakudya, ndipo mwana wanjala amangonyentchera. Pitirizani kumuyamwitsa, ndipo ngati wapitirira miyezi 6, mupatseni phala lotsira nsinjiro kapena nthochi yokanya, pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Thanzi ORS si chakudya, amangobwezeretsa madzi ndi mchere zomwe zatayika m'thupi. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota mpaka theka la kapu akangochita chimbudzi, ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso. Maso akalowa m'kati, akalephera kumwa, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, thamangirani naye kuchipatala.