Kupeza besi yosadziwika m'masamu a malogarithimu

Wophunzira wa Fomu 3 kapena Fomu 4 mukamupatsa samu yakuti log₂ x = 3, nthawi zambiri sachedwa nayo. Amachulukitsa 2 katatu, 2 × 2 × 2, n'kulemba kuti x ndi 8. Koma mungosinthako pang'ono, x n'kutsikira pansi pamene pamakhala besi, samuyo n'kukhala logₓ 8 = 3, cholembera chimayamba chaima kaye. Wina amagawa 8 ndi 3. Wina amawerengera 8³ n'kupeza 512. Onsewa aphonya, chifukwa yankho ndi 2. Masamu otere safuna njira yachilendo ayi. Amafuna zinthu ziwiri zokha: kudziwa chimene log ikufunsa, ndiponso kufufuza ngati yankho lomwe latuluka lili loyenera kukhala besi.

Funso limene log imafunsa

Malogarithimu anayamba ndi John Napier wa ku Scotland, yemwe anasindikiza buku lake m'chaka cha 1614 pofuna kupeputsa ntchito yochulukitsa manambala aakulu. Henry Briggs ndiye anakonza matebulo a besi 10, ndipo Leonhard Euler, m'buku lake la 1748, anafotokoza momveka mgwirizano umene timaphunzira lero, wakuti log ndi pawa ndi nkhani imodzi yolembedwa m'njira ziwiri.

Tikalemba 2³ = 8, pali manambala atatu: besi ndi 2, pawa ndi 3, chotuluka ndi 8. Tikalemba log₂ 8 = 3, manambala ake ndi omwewo, angosintha malo. Log ikufunsa kuti, kodi 2 timukweze pa pawa yanji kuti atipatse 8? Choncho logₓ 8 = 3 ikutiuza kuti pali nambala ina imene ikakwezedwa pa pawa 3 imapereka 8. Tikailemba m'njira ya pawa ikhala chonchi:

x³ = 8

Apa log yachoka, ndipo chatsala n'kupeza nambala imene ikachulukitsidwa katatu ipereke 8. Nambalayo ndi 2. Mfundo yoti muigwiritsitse ndi yakuti chimene chili pansi pa log chimakhalabe pansi. Besi ya log ndi yomwenso imakhala besi ya pawa, nambala ya kutsidya kwa chizindikiro cha = ndiyo imakwera pamwamba, ndipo ya m'kati mwa log imatsala yokha. Amene amapeza 512 uja amakhala ataika 8 pamalo pa besi, pomwe malowo ndi a x.

Si nambala iliyonse imene ingakhale besi

Tiyese logₓ 16 = 2. M'njira ya pawa, x² = 16. Manambala amene amakwaniritsa zimenezi alipo awiri, 4 ndi −4, pakuti −4 × −4 ndi 16 ndithu. Komabe yankho la samu yathu ndi 4 yekha. Besi ya logarithimu iyenera kukhala yoposa 0, ndipo isakhale 1.

Malamulo awiriwa ali ndi zifukwa zake. Tiyambe ndi 1. Mumukweze pa pawa 2, pa pawa 50, ngakhale pa −7, amangopereka 1 yemweyo. Ndiye funso lakuti "1 akwezedwe pa pawa yanji kuti apereke 8" lilibe yankho, pomwe lakuti "akwezedwe pa pawa yanji kuti apereke 1" lili ndi mayankho osawerengeka. Log ya besi 1 ilibe ntchito. Nayenso 0 vuto lake ndi lomwelo, amangopereka 0 pa pawa iliyonse yoposa 0.

Nambala ya mayinasi vuto lake ndi lina. Taonani −4. Pa pawa 2 amapereka 16, pa pawa 3 amapereka −64, ndipo pa pawa ½ tikufuna sikweya ruti ya −4, imene kulibe pa manambala amene timagwiritsa ntchito kusekondale. Besi yotere imalumpha uku ndi uku, kwinaku ikusiya mipata. Pomwe besi ngati 4, pawa ikamakwera pang'onopang'ono, chotuluka chimakweranso pang'onopang'ono, ndipo nambala iliyonse yoposa 0 imakhala ndi pawa yake imodzi yokha. Log imadalira khalidwe limeneli.

Samu imene x ali pawiri

Malamulowa amaoneka kufunika kwake kwenikweni x akakhala pa besi komanso m'kati mwa log. Nachi chitsanzo:

logₓ (3x − 2) = 2

Choyamba tichotse log. Besi ndi x, pawa ndi 2, chotuluka ndi 3x − 2, ndiye x² = 3x − 2. Tikasamutsira zonse mbali imodzi tipeza x² − 3x + 2 = 0. Tifune manambala awiri amene akachulukitsidwa apereke 2, akaphatikizidwa apereke −3. Amenewa ndi −1 ndi −2, choncho (x − 1)(x − 2) = 0, ndipo x ndi 1 kapena 2.

Ambiri amadula mzere pamenepa n'kupita pa funso lina, koma ntchito isanathe. Tibweze 2 m'samu yoyamba ija: 3 × 2 − 2 ndi 4, ndipo log₂ 4 ndi 2. Zagwirizana. Tibweze 1: 3 × 1 − 2 ndi 1, ndiye tikupeza log₁ 1. Apa m'pamene pali msampha, chifukwa 1² = 1 ndi zoona, moti munthu angaganize kuti yankholi ndi labwino. Koma 1³ ndi 1, ndipo 1⁹ ndi 1, ndiye palibe chifukwa chonenera kuti log₁ 1 ndi 2 osati 3 kapena 9. Timutaye 1, yankho ndi 2 basi.

N'chifukwa chiyani yankho labodza limatulukira? Chifukwa x² = 3x − 2 imalola nambala iliyonse, pomwe samu ya log imene tinayamba nayo ili ndi malire. Pochotsa log tinachotsanso malirewo, ndiye pomaliza tiyenera kuwabwezera tokha. Pa pepala la mayeso ndi bwino kulemba chifukwa chake poyera, kuti x = 1 wakanidwa popeza besi singakhale 1. Onaninso kuti nambala ya m'kati mwa log ikhale yoposa 0.

Pawa ikakhala ya mayinasi kapena ya fulakishoni

Samu ngati logₓ 8 = 3/2 imaopsa pongoiona, koma njira ndi yomweyo: x^(3/2) = 8. Kuti x atsale yekha, tikweze mbali zonse ziwiri pa pawa yotembenuza, 2/3, pakuti 3/2 × 2/3 ndi 1. Ndiye x = 8^(2/3). Kyubu ruti ya 8 ndi 2, ndipo 2² ndi 4. Kutsimikizira kwake n'kosavuta: sikweya ruti ya 4 ndi 2, ndipo 2³ ndi 8.

Nayo logₓ 9 = −2 imapereka x⁻² = 9, kutanthauza kuti 1/x² = 9, choncho x² = 1/9 ndipo x ndi 1/3. Ena amachita mantha ndi yankholi poganiza kuti besi iyenera kuposa 1. Sichoncho. Nambala ya pakati pa 0 ndi 1 ndi besi yovomerezeka. Ndipotu mukaona nambala ya m'kati mwa log ikuposa 1 koma kutsidya kuli mayinasi, dziwiranitu kuti besi ikhala ya pakati pa 0 ndi 1. Ikatuluka 3 kapena 81, penapake palakwika.

Masamu ena alibe yankho n'komwe. Mwachitsanzo logₓ 5 = 0 imafuna kuti x⁰ = 5, chikhalirecho besi iliyonse ikakwezedwa pa pawa 0 imapereka 1. Kulemba kuti palibe yankho ndiko kukhoza samuyo.

Mabesi awiri m'samu imodzi

Nthawi zina x amakhala besi ya log imodzi, kwinaku ali m'kati mwa log ina, monga log₂ x + logₓ 2 = 5/2. Apa simungathamangire ku pawa, muyenera kuyamba mwafananitsa mabesi. Lamulo losinthira besi limatipatsa logₓ 2 = 1 / log₂ x. Tikatchula log₂ x kuti y, samuyo ikhala y + 1/y = 5/2. Tichulukitse zonse ndi 2y, tipeze 2y² − 5y + 2 = 0, imene imapereka y = 2 kapena y = ½. Koma tikufuna x, osati y. Ngati log₂ x = 2, x ndi 4. Ngati log₂ x = ½, x ndi √2. Onse awiri akuposa 0 ndipo palibe amene ali 1, choncho onse ndi mayankho. Musazolowere kutaya yankho limodzi pa samu iliyonse. Lotayidwa ndi lokhalo lophwanya lamulo.

Kumene besi yosadziwika imapezeka kunja kwa kalasi

Kalembera wa anthu wa 2008 anapeza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 13.08 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza pafupifupi 17.56 miliyoni. Tikagawa chiwerengero chachiwiri ndi choyamba tipeza 1.343. Funso lakuti chiwerengerochi chinkachulukitsidwa ndi nambala yanji chaka chilichonse kwa zaka 10 ndi lofanana ndi logₓ 1.343 = 10, kapena kuti x¹⁰ = 1.343. Pa kakyuleta, 1.343^(1/10) imapereka pafupifupi 1.03, kusonyeza kukwera kwa anthu atatu pa 100 alionse pachaka. Lipoti la kalemberayo limati 2.9 peresenti, ndipo zikumveka, chifukwa kuchokera mu Juni 2008 kufika mu Seputembala 2018 padapita zaka 10 ndi miyezi itatu. Amene angagawe 34.3 ndi 10 apeza 3.4, yomwe ndi yokwera kwambiri, popeza kugawako kukuiwala kuti chaka chilichonse chiwerengero chimakwera kuchokera pa chimene chakwera kale. Chimodzimodzinso ngongole ya K100,000 ikafika K133,100 patatha zaka zitatu: x³ = 1.331, x ndi 1.1, chiwongoladzanja chake ndi 10 peresenti pachaka.

Tsono mukakumana ndi x pansi pa log, lembani samuyo m'njira ya pawa, pezani x, kenako yankho lililonse mulibweze m'samu yoyamba musanadule mzere. Yesani logₓ (2x + 3) = 2. Mutulutsa manambala awiri, 3 ndi −1, ndipo mukuyenera kunena nokha chifukwa chake 3 yekha ndiye wolandiridwa.