Ana 12 ndi ana 62: kuwerenga pepala la kafukufuku uli chaka choyamba

Wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite akapatsidwa pepala la kafukufuku, kawirikawiri amawerenga ndime yoyamba, nakopera chiganizo chake chomaliza m'asayimenti, basi. Kumeneku si ulesi ayi. Mapepala amenewa amalembedwa ndi akatswiri polembera akatswiri anzawo, ndipo palibe amene anamuuza mwanayo kuti sawerengedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati nkhani ya m'nyuzipepala. Amawerengedwa ndi mafunso, cholembera chili m'manja. Tiyeni titenge pepala limodzi lenileni, la kwathu konkuno, tione mmene zimakhalira.

Mu 2021 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre. Dzina loyamba pa mndandanda wa alembi ndi la Priyanka Patel. Ana 28,130, a miyezi 9 mpaka zaka 12, anabayidwa mu 2018, ndipo ofufuza anawalondola kwa miyezi 18 mpaka 36.

Pamwamba pa pepalalo pali chidule, chimene pa kompyuta mudzachione pansi pa mutu wakuti `Abstract`. Ndi mawu ochepa kwambiri, ndipo alembi ndiwo asankha zoti alowetsemo ndi zoti asiye. Choncho ntchito ya chidule ndi kukuuzani ngati pepalalo likukhudza funso lanu, osati kukupatsani chigamulo. Mukachiwerenga, yesani kulemba m'mawu anuanu chiganizo chimodzi chotchula anthu amene anafufuzidwa, chimene anapatsidwa, amene anayerekezedwa nawo, ndi chimene chinawerengedwa pamapeto. Cha pepala lathuli chingamveke motere: ana a ku Blantyre anapatsidwa katemera wa tayifodi, anayerekezedwa ndi anzawo amene anapatsidwa katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo ofufuza anawerenga kuti m'gulu lililonse ndi angati anapezeka ndi tizilombo ta tayifodi m'magazi. Chiganizo chotere chikakukanikani, ndiye kuti simunamve, ndipo manambala akutsogoloko angokusokonezani.

Kenaka mtima umathamangira ku zotsatira. Ugwireni kaye, mupite ku gawo lofotokoza njira, la `Methods`, limene ambiri amalidumpha chifukwa ndi louma. Kumeneko ndiye kuli kulemera kwa pepala lonse.

Funso loyamba kumeneko ndi lakuti: ndani anasankha kuti mwana uyu alowe gulu ili, uyo alowe linalo? Akanasankha makolo, mwina mabanja amene amasamala kale za madzi akumwa akanadzaza gulu limodzi, ndipo ana awo akanadwala pang'ono ngakhale katemerayo akanakhala madzi chabe. Akanasankha anamwino, nawonso akanatha kukondera osadziwa. Ku Blantyre ana anagawidwa mwa maere, mwakuti 14,069 analandira katemera wa tayifodi ndipo 14,061 analandira winayo. Maere sasankha wolemera kapena wosauka, wa pampopi kapena wa pachitsime. Magulu akakula chonchi, zinthu zonsezo zimagawikana pafupifupi mofanana, ndipo kusiyana kwakukulu kumene kwatsala ndi katemera yekhayo. Mungathe kudzitsimikizira nokha: tebulo loyamba la mapepala otere limaika magulu awiriwo pambali ndi pambali, zaka zawo, anyamata ndi atsikana. Yendetsani chala, muone ngati akufanana.

Komanso makolo ndi ofufuza amene ankalondola anawo sankadziwa kuti mwana walandira katemera uti. Chifukwa chake nchomveka. Mayi wodziwa kuti mwana wake ali ndi chitetezo angachedwe kupita naye kuchipatala akatentha thupi, ndipo dokotala wodziwa zomwezo angazengereze kutenga magazi.

Funso lachiwiri, limene ine ndimaliona kuti ndi losiyanitsa wowerenga ndi wokopera, ndi lakuti: mawu akuti "wadwala" akutanthauza chiyani m'pepala muno? Pano sakutanthauza mwana aliyense amene anatentha thupi. Ofufuza sankayenda khomo ndi khomo kufunafuna odwala. Ankadikira m'zipatala, monga cha Ndirande, cha Zingwangwa ndi chachikulu cha Queen Elizabeth. Mwana wa m'kafukufuku akabwera atatentha thupi ankatengedwa magazi, ndipo ankawerengedwa pokhapokha tizilombo ta tayifodi tikamera m'magaziwo ku labotale. Njira imeneyi simunamizira mwana tayifodi amene alibe, koma imaphonya odwala enieni ambiri ndithu, makamaka amene amwa kale mankhwala ogula pagolosale. Amene sanapite kuchipatala nkomwe sanawerengedwenso. Ndiye sungani m'mutu kuti manambala a odwala amene mukumane nawo ndi ochepa poyerekeza ndi tayifodi amene analipodi. Koma poti kuphonyako kumagwera magulu onse awiri mofanana, kuyerekeza gulu ili ndi linalo sikuwonongeka kwenikweni.

Tsopano zotsatira. Musayambe ndi peresenti, yambani ndi anthu. M'gulu la katemera wa tayifodi anadwala ana 12. M'gulu linalo anadwala 62. Popeza maguluwo ndi ofanana kukula, samu yake mungaichite pafoni: 12 kugawa ndi 62 ikupereka 0.19. Ndiye kuti pa odwala 100 alionse amene akanakhalapo popanda katemera, atsala 19 okha, ndipo 81 apewedwa. Pepalalo likuti mphamvu ya katemera ndi 80.7 peresenti. Mwafika pomwepo ndi dzanja lanu.

Alembi anadzera njira yotalikirapo pang'ono. Ana sanalondoledwe nthawi yofanana, wina anabayidwa kumayambiriro, wina kumapeto. Choncho anaphatikiza nthawi ya ana onse: mwana mmodzi wolondoledwa zaka ziwiri amawerengedwa zaka ziwiri, ana awiri a chaka chimodzichimodzi nawonso zaka ziwiri. Ndi kumene kukuchokera manambala akuti 46.9 ndi 243.2 pa zaka 100,000 zilizonse za kalondolondo. Agaweni, mupezanso 0.19 yomwe ija.

Chenjerani ndi 80.7 ameneyu. Sakunena kuti ana 81 pa 100 alionse anapulumuka ku tayifodi, pakuti ngakhale m'gulu lopanda katemerayu anadwala ana osakwana mmodzi pa 200. Iye akuyerekeza magulu basi. Kusiyana kwa mitu ya anthu ndi odwala 50 pa ana pafupifupi 14,000, kutanthauza kuti m'nthawi imeneyo panafunika kubaya ana pafupifupi 280 kuti mmodzi asadwale tayifodi wotsimikizika m'magazi. Manambala onse awiri ndi oona, koma wa unduna wokonza bajeti amafuna wachiwiriyu.

Pafupi ndi 80.7 pali timanambala tiwiri totsogozedwa ndi `95% CI`: 64.2 ndi 89.6. Ophunzira ambiri amatidumpha, ena amaganiza kuti tikunena za ana 95 pa 100. Sichoncho. Kafukufuku akanabwerezedwa ndi ana ena a komweko, odwala sakanakhalanso 12 ndi 62 ndendende, mwina akanakhala 15 ndi 58. Timanambala tiwirito ndi malire osonyeza kuti yankho lingagwedezeke bwanji chifukwa cha mwayi wokha. Njira yowapezera inakonzedwa mwakuti kafukufuku atabwerezedwa kambirimbiri, malire 95 pa 100 alionse angakhale ndi mphamvu yeniyeni ya katemera mkati mwake. Pano akutiuza kuti zimene zinapezeka zikugwirizana ndi katemera wa mphamvu ya 64, komanso ndi wa 90.

Yang'anani zinthu ziwiri pamenepo. Kodi malire a pansi afika pa ziro? Akanakhala, tinene, kuyambira pa −5 mpaka 60, ofufuza sakanatha kukana kuti mwina katemerayo sagwira ntchito konse. Pano ngakhale titatenga oipitsitsa, 64 ndi chitetezo chachikulu. Nanga nchifukwa chiyani malirewo atalikirana chonchi pamene ana anali 28,130? Chifukwa chimene chimawapanikiza si kuchuluka kwa obayidwa koma kwa odwala, ndipo odwala anali 74 okha. Muzisamala pogawa: mapepala ena salemba peresenti koma 0.19 ija mwachindunji, ndipo kumeneko nambala yosonyeza kuti palibe kusiyana ndi 1, osati ziro.

M'mapepala ambiri mudzakumananso ndi kachilembo ka `p`, monga `p < 0.05`. Taganizani kuti katemerayu alibe ntchito. Ndiye kuti aliyense wa odwala 74 aja ali ngati kobiri loponyedwa m'mwamba, lingagwere gulu ili kapena ilo, ndipo tingayembekezere pafupifupi 37 uku, 37 uko. Kachilembo ka `p` kamayankha funso limodzi lokha: zikanakhala choncho, kupendekeka kwakukulu ngati kumene taonaku kungachitike kangati? Kwa 12 ndi 62, sikungafike nkamodzi komwe pa miliyoni. Koma `p` sanena kukula kwa phindu. Kafukufuku wamkulu kwambiri angapereke `p` wochepetsetsa pa kusiyana kopanda ntchito kwa wodwala.

Pepala lomweli lili ndi msampha wabwino wophunzirirapo. M'miyezi 6 yoyamba ana 6 anamwalira, onse a m'gulu la katemera wa matenda oumitsa khosi. Kobiri kugwa mbali imodzi kasanu ndi kamodzi motsatizana kumachitika kamodzi pa 32, ndipo wina angathamange kulemba kuti katemera winayo ndi woopsa, kapena kuti wa tayifodi amaletsa imfa. Ofufuza anaunika zochitikazo ndipo sanapeze chokhudzana ndi katemera. Kafukufukuyu sanakonzedwe kuti ayeze imfa, ndipo munthu akayang'ana zinthu makumimakumi m'tebulo, china chimapendekeka mwangozi basi. Nchifukwa chake gawo la njira limatchuliratu chinthu chachikulu chimene akufuna kuyeza, ntchito isanayambe. Pa icho ndi pamene pepala lingalankhule molimba mtima.

Mudzaonanso nambala ina, 83.7, pafupi ndi 80.7, ndipo musadabwe. Yoyambayo inachokera kwa ana okhawo amene ndondomeko yonse inatsatidwa bwino pa iwo, yachiwiri inawerenga onse monga maere anawagawira. Mukamalemba, gwiritsani yachiwiri, chifukwa mukayamba kuchotsa ena m'magulu, kufanana kumene maere anabweretsa kumayamba kuwonongeka.

Mukatha zonsezi bwererani ku chidule muone ngati mawu ake omaliza sanapitirire manambala. Pepalali likunena za ana a m'tauni ya Blantyre, a msinkhu wotchulidwa uja, kwa zaka zosapitirira zitatu. Za akuluakulu kapena za zaka khumi kutsogolo lili chete. Ofufuzawo anapitiriza kulondola ana omwewo, ndipo mu 2024 magazini ya The Lancet inasindikiza zimene anapeza patadutsa zaka zoposa zinayi: odwala 24 ndi 110, mphamvu 78.3 peresenti, malire 66.3 mpaka 86.1. Odwala atachuluka malire anayandikirana, ndipo chiwerengero cha ana ofunika kubaya kuti mmodzi asadwale chinatsika kufika pa 163.